Chitseko Chimene Ndinasiyiridwa

Ku Petauke mukafunsa za alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, aliyense akuuzani kuti ndi aja analowa m'moto kukapulumutsa sitima. Akulozeraninso nyumba yawo, yamalata obiriwira kuseri kwa msika. Mukawapeza pakhonde safuna kunyengereredwa. Amapinda malaya okha, kukuonetsani zipsera za m'manja ndi m'khosi, nkhani n'kuyamba. Chaka chilichonse malawi ake amatalika, ndipo anthu amene madzi aakulu amene anawaonapo ndi a Luangwa amangoti kukamwa yasa. Ine ndikamamva zimenezo ndimatuluka kukalavula panja, chifukwa tsiku limenelo ndinalipo, ndipo chitseko chimene analowera chinali m'manja mwanga.

Ndinabadwira ku Ndake, m'boma la Nyimba. Atate anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala. Dzinja ankalima chimanga ndi thonje, chilimwe ankawotcha makala n'kumakagulitsa kumsewu waukulu. Ine ndinagwira nawo ntchitoyo mpaka ndevu zinamera. Kuwotcha makala kulibe sukulu, koma kuli ndi lamulo lake. Ukasanja mitengo, kuikwirira ndi udzu ndi dothi, n'kuyatsa, ntchito yotsala ndi kulonda uvuni. Paliponse pamene pang'ambika umata dothi msanga. Ndipo utsi ukaleka sufukula, ngakhale lole ya ogula ikuliza hutala pamsewu. Moto wa mu uvuni umakhala utangogona, ukamva mphepo umadzuka, thukuta la milungu iwiri n'kusanduka phulusa.

Alamu anali a paboma, mwana wa kalaliki, ndipo anaphunzira za mainjini a sitima kunja. Ndiwo anandipezera malo pa sitima yonyamula katundu imene inkayenda pakati pa Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Chipwitikizi chochepa chimene ndinatola kwa atate chinandithandiza. Ndinayamba ndi kupukuta mafuta pansi, kenako ndinakhala wothira oyilo ndi kuyang'anira mapampu. Iwo anali injiniya wachitatu, woyang'anira majenereta. Pa anthu khumi ndi anayi a m'sitimamo, a ku Zambia tinali awiri basi, koma zaka zitatu zathunthu sanandilankhulepo Chinyanja. Chizungu chokhachokha, chotulukira m'mphuno. Pamaso pa anzawo ankanditchula wamakala, ndipo sabata silinkatha osandikumbutsa kuti pakanapanda iwo bwenzi ndikukankha njinga ya matumba pa Nyimba. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinkandiwawa.

Ovololo yawo inali yoyera mbuu. Munthu wa m'chipinda cha injini wokhala ndi ovololo yoyera muzimuopa, chifukwa ndiye kuti ntchito yake akugwira ndi wina. Wina ameneyo ndinali ine.

Masiku atatu moto usanabuke tinakonza jenereta imodzi tili padoko la Beira. Paipi yotulutsa utsi wa jenereta imatentha koopsa, moti imakutidwa ndi bulangete lochindikala losapsa, kuti mafuta akadonthera asakhudze chitsulo. Tinalichotsa kuti tifike pamabawuti. Titamaliza ndinalinyamula kuti ndibwezeretse, alamu n'kundiletsa. Ankathamangira kumtunda, kutauni, ndipo anati tidzabwezera mawa. Ndinalipinda bwinobwino n'kuliika pambali pa jenereta. Mawa lakelo silinafike.

Moto unayamba m'mawa, tiyi wa teni koloko asanakwane, tili pakati pa nyanja kulowera ku Nacala. Kapaipi kopita ndi dizilo ku jenereta ija kanang'aluka, mafuta n'kuyamba kufwamphuka ngati nkhungu, molunjika pachitsulo chosavala chija. Ndinali cha kumapampu pamene ndinamva kuti phuu. Ndinaliza belu la moto, ndinatenga botolo lozimira moto la ufa n'kulikhuthula lonse. Injiniya wachiwiri anakhuthulanso lake. Zinali ngati kulavulira moto wa tchire. Utsi wakuda unadzaza kumwamba n'kuyamba kutsika, magetsi anazima, ndipo tinakwera makwerero mopapasa.

Mkulu wa mainjiniya, amene tonse tinkangoti achifi, anali mdala wa ku Tanga, wamfupi, wosalankhulalankhula. Tsiku limenelo ndinaona kusiyana kwa munthu wodziwa ntchito ndi munthu wa masatifiketi. Sanakuwe ngakhale kamodzi. Anatuma mmodzi kukakoka zingwe zotsekera mafuta, zimene zimakhala kunja kwa chipinda cha injini kuti matanki atsekedwe munthu osalowa m'moto. Wina anakazimitsa mafani ndi mapampu a mafuta. Bosani, kapitawo wa anyamata a padeki, bwalo la pamwamba pa sitima, anakwera ndi anthu ake kukatseka mazenera a padenga la chipindacho, zivindikiro za mphepo ndi za pachumuni. Kajenereta kangozi kanali katadzuka kale, ndipo pampu yangozi, imene ili ndi kachipinda kakekake kutali ndi injini, inayamba kukoka madzi a m'nyanja. Nthawi yonseyi alamu anaima pakati pa deki ndi wailesi m'manja, kubwereza mokweza zimene achifi anena kale, ngati tambala wolira dzuwa litatuluka.

Kenako kaputeni anatiitana tonse n'kutiwerenga. Anawerenga kawiri, aliyense kumutchula dzina ndi kumuyang'ana kumaso. Chifukwa chake n'chakuti sitima ili ndi chipinda chodzaza mabotolo aakulu a mpweya wozimitsa moto, umene tinkautchula kuti siyotu, womwe uja umathetheka m'botolo la chakumwa. Mapaipi ake amathera m'chipinda cha injini. Ukatsegulidwa umathamangitsa mpweya wabwino, moto n'kubanika, komanso munthu aliyense wotsalira mkatimo amabanika chimodzimodzi. Titakwana khumi ndi anayi, kaputeni anagwedeza mutu. Achifi anatsegula kabokosi, sayirini yochenjeza inalira, anakoka zogwirira ziwiri motsatana, ndipo sitima yonse inanjenjemera ndi mkokomo kwa mphindi ngati ziwiri. Atakasuzumira pakhomo la chipinda cha mabotolo anapeza mapaipi ayera ndi chisanu, kusonyeza kuti mpweya wapitadi.

Achifi anatisonkhanitsanso n'kulankhula pang'onopang'ono, Chizungu chosakaniza ndi Chiswahili, kuti ngakhale wophika amve.

"Mpweyawu umabanikitsa moto koma suziziritsa chitsulo," anatero. "Mkatimo mukadali ng'anjo. Mabotolo atha onse, ena tilibe. Chitseko chilichonse chikhale chotseka mpaka mawa nthawi ngati ino, mwinanso kupitirira. Wotsegula ndine ndekha, kaputeni atalola."

Ine ndinaseka chamumtima. Ulendo wonsewu, kuchoka ku Ndake kudzafika pakati pa nyanja, kudzauzidwa lamulo la atate.

Ntchito yotsala inali kuziziritsa malire. Chipinda cha injini ndi bokosi lachitsulo, ndipo chitsulo chimadutsitsa kutentha. Moto ukhoza kukhala wotsekeredwa, koma utoto, matiresi kapena katundu wotsamira khoma kuseri kwake n'kuyaka yekha. Choncho tinagawana mbali zonse: khoma loyang'ana ku katundu, zipinda zogona zimene zili pamwamba pake, chumuni, ndi kumbuyo. Tinachotsa chilichonse chogunda khoma, makatoni, zitini za penti, nsanza. Madzi tinkawaza ngati mvula, osati kuwombera malo amodzi, ndipo bosani ankaonetsetsa kuti akutuluka kupita m'nyanja, chifukwa madzi odikha m'sitima amaipendeketsa. Achifi ankazungulira ndi kachipangizo koyezera kutentha, kujambula mabwalo a choko pakhoma n'kulemba nambala ndi nthawi.

Ine anandipatsa kumbuyo, m'kanjira ka pafupi ndi chipinda cha chiwongolero, pamene panali chitseko chachitsulo cholowera ku injini. Anaona ndatsekera kale mpata wa m'munsi mwake ndi nsanza zonyowa, n'kundifunsa amene wandiuza. Ndinati kwathu timamata ndi dothi. Ndinawafotokozera za uvuni, ndipo mdalayo anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Ndiye chitseko ichi ndasiyira mwini wake," anatero, n'kupita.

Ndinanyada, ndisaname. Zaka zitatu dzina la wamakala linali chitonzo, lero linali udindo. Ndinaima pamenepo ndi paipi yanga ya madzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Poyamba madzi ankangofika pakhoma n'kusanduka nthunzi. Masana khoma linayamba kukhalitsa lonyowa, kupatula pakona yakumwamba pamene pankauma msanga, ndipo ndinkadziwa kuti pamenepo ndi pamene ng'anjo ikupumira. Nambala za choko zinkatsika. Anthu anayamba kuseka, wophika anagawa buledi ndi nsomba za m'chitini. Tinkapambana.

Cha m'ma folo koloko alamu anatsika makwerero a kanjira kanga. Kumsana anabereka botolo la mpweya wopumira, chigoba chake chili lende pachifuwa, tochi m'manja. Zovala zozimira moto sanavale, chingwe chodzimangirira analibe, mnzawo wolowa naye analibe. Chitseko cha kudeki anachisiya pululu, mphepo ya panyanja ikulowa.

Anayamba ndi Chizungu, kuti achifi awatuma kukayendera. Ndinati ndiwamve achifiwo pa wailesi. Anayang'ana kumakwerero, anayang'ana ine, nkhope ija yonyada inagwa ngati dothi lonyowa. Ndipo anachita chimene sanachitepo zaka zitatu.

"Mulamu," anatero, mawu ali pansi, "nithandizeni. Bulangete lija lili paja munaliika. Silipsa lija. Tikafika ku Nacala, oyendela ngozi akalipeza lopindapinda, ine nasila, zanga zatha. Pepala langa la uinjiniya azatenga."

Ndiye kuti munthu wophunzira kunja, wa masatifiketi a m'mafelemu, nzeru yake yonse inathera apa: alowe mu uvuni, atole bulangete, aliponye pa paipi, kuti akuluakulu adzaganize kuti linalipo. Ngati kuti oyendera ngozi ndi ana, osaona kuti mawaya omangira bulangetelo palibe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu m'mimba mwake munatentha mpaka mutu unaleka kugwira ntchito.

"Awe alamu," ndinatero. "Simunamve achifi? Mukati mukali moto. Onani pakona apo, pauma manje manje."

"Maminiti atatu chabe. Ningena, nichoka. Palibe azaziba."

"Moto uzaziba."

"Ganizilani alongo anu," anatero. "Ganizilani bana. Nchito ikasila azadya chani? Ine sininakutayeni pamene munali pa malasha. Lelo imwe munitaye?"

Apa ndiye pamene ndimadzinyoza ine mwini kuposa mmene ndimawanyozera iwo. Alamu sankadziwa moto, ankadziwa mayeso a moto. Ine ndinkaudziwa ndi manja anga, ndinauonapo ukudzuka. Pa anthu onse khumi ndi anayi, amene sakanayenera kunyengeka ndinali ine. Koma kwathu munthu amene anakwatira mlongo wako, wamkulu kwa iwe, amene anakuchotsa kumudzi, akakupempha ndi mawu apansi sumuyang'ana m'maso n'kumukana. Tinaleredwa choncho. Bwana wa Chizungu uja ndikanamukana mpaka mawa, ndipo ndikanakondwa pomukana. Koma amene anaima patsogolo panga anali alamu, akunditchula imwe, m'chilankhulo cha amai anga. Wailesi inali m'thumba mwanga, kungodina kamodzi achifi akanabwera. Sindinadine. Ndinasuntha, ndipo ndi phazi langa lomwe ndinakankha nsanza zija.

Anavala chigoba, anamasula zogwirira, chitseko chinatseguka. Anandiuza ndi dzanja kuti ndichigwire chisatsekeke. Utsi wachikasu, wonunkha dizilo wophika, unatuluka chakumwamba, ndipo m'miyendo mwanga ndinamva mphepo ikuthamangira mkati. Inkalira ngati mluzu. Phokoso limenelo ndinkalidziwa, ndi limene uvuni umachita ukabooka. Mutu unayamba kuzungulira ndi mpweya umene unkatuluka, ndipo ndinakuwa kuti abwerere, koma kuwala kwa tochi yawo kunali kutatsika kale makwerero.

Maminiti atatu aja sanakwane. Mkatimo munayamba kufiira chapansi, kenako utsi wonse wa kudenga unayaka nthawi imodzi, ndipo chitseko chinandikankha n'kundigwetsera kukhoma. Nditadzuka ndinaona alamu akukwawa pamakwerero, ovololo yoyera ija ikuyaka m'mapewa. Ku jenereta sanafike n'komwe. Ndinawathira madzi, ndinawagwira malamba a botolo n'kuwakokera kunja, ndipo ndinatseka chitseko ndi phewa, zogwirira zikundiwotcha m'manja. Bosani anafika akuthamanga ndi anthu awiri, ananyamula alamu kukawaika manja ndi khosi m'madzi ozizira.

Achifi anabwera pambuyo. Anayang'ana nsanza zili pambali, zosapsa, zokankhidwa bwinobwino. Anayang'ana wailesi ili m'thumba mwanga. Sananditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangotola paipi yanga n'kupatsa wophika.

Moto wachiwiriwu sitinali ndi choubanikitsira, mabotolo anali opanda kanthu. Chotsala chinali kutseka paliponse ndi kuthira makoma, kudikira kuti udye mpweya umene tinaupatsa. Tinathira masiku awiri osapuma. Utoto wa m'zipinda zogona unatuwa n'kutupa matuza, tinataya matiresi m'nyanja, mapazi anatupa ndi madzi amchere. Sitima sinamire, ndipo katundu sanapse, chifukwa anthu amene alamu ankawayesa mbuli anaima ndi mapaipi mpaka manja kuuma. Koma pamene anatsegula, patapita masiku, anapeza kuti moto woyamba unangowononga mbali ya jenereta, wachiwiri ndiwo unadya mawaya onse ndi bolodi lamagetsi. Bulangete lija linali pomwe paja, lakuda koma lopinda bwino. Chombo chokoka chinatifikitsa ku Nacala, ndipo sitimayo sinayendenso. Anthu khumi ndi anayi anabalalika kukasaka ntchito kwina. Alamu anawalanda pepala lawo, ine sanandilande kanthu poti ndinalibe, anangondiuza kuti ndisadzaonekenso.

Tinabwerera limodzi, pa basi mpaka ku Petauke, manja awo ali m'mabandeji. Nkhani ya ngwazi inabadwira m'basimo, cha ku Katete, pamene mayi wina anawafunsa chimene chinawachitikira. Pofika kunyumba inali itamera kale miyendo: valavu yotsekera mafuta inakanirira, aliyense anaopa, iwo okha ndiwo anadzipereka. Mlongo wanga analira, anawagwira kumaso, anathokoza Mulungu. Anandifunsa ngati zinalidi choncho. Ndinati moto unali waukulu. Ulemu womwe uja unanditsekanso pakamwa.

Atate anabwera kuchokera ku Ndake kudzazonda mkamwini wawo. Anakhala pampando wa pakhonde, chipewa pabondo, n'kumvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Alamu pofuna kukometsa anafotokoza zonse, za mabotolo, za kutseka mazenera, za makoma amene anayamba kuzizira, kenako moto n'kubukanso mwadzidzidzi. Anthu anawomba m'manja. Atate anangoti pepani, n'kuvala chipewa.

Sabata yotsatira ndinali kumudzi, ndilibe ntchito, ndipo ndinathandiza atate kusanja uvuni kuseri kwa munda wa thonje. Tinagwira tsiku lonse osalankhula zambiri. Titayatsa n'kumata pakamwa pake, anakhala pachitsa n'kuyamba kupichira fodya.

"Moto wovinikila suuka weka," anatero, osandiyang'ana. "Anasegula chitseko ni alamu ako, izo naziba, nawaona m'maso. Nifuna kuziba amene enze kulonda."

Ndinayang'ana uvuni. Utsi woyera unkatuluka m'mabowo a m'munsi, bwinobwino, mmene umayenera kutulukira.

"Nenze ine, atata."

"Anakumenya?"

"Awe."

"Anakunamiza?"

"Anayesa. Sininakhulupilile."

"Manje?"

"Ananipempha," ndinatero.

Anagwedeza mutu nthawi yaitali, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kupeza kuti ndi umene ankayembekeza. Anamaliza fodya wawo. Ndinanyamuka kukatenga khasu ndi ndowa, poti kulonda uvuni kunali kwanga kuyambira kale, ndipo ndinali nditakonza kale pokhala pansi pa mtengo. Atate anatambasula dzanja n'kugwira mpini wa khasulo. Sanalande mwamphamvu, anangolikoka pang'ono, ine n'kulisiya.

"Pita kunyumba ukaitane amai ako," anatero. "Uvuni uyu azalonda ni iwo. Iwe uli na ulemu wambili maningi."